Chigayo chogwirapo kale ntchito, chogulidwa pakati pa chaka: muchotsa zingati pa phindu?

Makina amatha tsiku ndi tsiku, koma salemba lisiti. Bilu ya magetsi imabwera, antchito amadikira malipiro awo mwezi ukatha, mwini malo amafuna lendi yake, ndipo zonsezi zimalowa m'buku chifukwa pamakhala wina wotambasula dzanja. Kuperepeseka kwa makina kulibe wokulonjererani. Ndiye chifukwa chake eni mabizinesi ambiri amawerenga phindu lalikulu kwa zaka zingapo, kugawana ndi kudya, mpaka tsiku limene mota ipsa ndipo papezeka kuti zina mwa zomwe ankadyazo sizinali phindu, unali mpamba.

Owerengera chuma ali ndi njira yolembera kuperepeseka kumeneku, yomwe amaitcha dipirisiyeshoni. Njira yake yosavuta kuposa zonse ndi yogawa mofanana: mumatenga ndalama zomwe makina adzataye pa nthawi yonse imene akugwirirani ntchito, n'kuzigawa chimodzimodzi chaka chilichonse. Makina akakhala atsopano ndipo agulidwa pa tsiku loyamba la chaka cha mabuku, mwana wa Sitandade 7 akhoza kuwerengera. Koma ambiri a ife sitigula zatsopano, ndipo sitidikira chaka kuti chiyambe. Timagula pamene ndalama za fodya kapena soya zalowa, kwa munthu amene wagwiritsa kale ntchito makinawo zaka zambiri. Apa ndi pamene manambala amasokonekera, ndipo chosokoneza si kugawa ayi. Ndi zimene mwaika m'kugawamo.

Tiyerekeze gulu la alimi lomwe limatseka mabuku ake pa 31 Malichi. Chaka chawo chimayamba pa 1 Epulo, monga chaka cha chuma cha boma la Malawi chakhalira kuyambira mu 2022. Manambala onse a gululi ndi ongoyerekeza, koma masitepe ake ndi omwewo amene mungatsate pa jenereta, makina osokera, filiji ya m'butchala kapena makina osindikizira. Pa 12 Julayi 2024 gululi lalipira K9,000,000 kugula chigayo cha magetsi chomwe chagwira kale ntchito zaka 7 kwa mwini wake woyamba.

Funso loyamba ndi lakuti chigayochi chawadyera ndalama zingati. Ambiri amangotenga zomwe zili pa lisiti la wogulitsa. Koma pa 12 Julayi gululi linalibe chigayo chogaya. Linali ndi zitsulo zomwe zinali zikadali m'shedi ya munthu wina. Lamulo la kalembedwe ka mabuku lomwe akauntanti amatsata pa katundu wotere, lotchedwa IAS 16, limati mtengo wa makina ndi ndalama zogulira pamodzi ndi ndalama zina zonse zomwe zapita mwachindunji pofikitsa makinawo pamalo pake ndi kuwaika poti akhoza kugwira ntchito yomwe munawagulira. Choncho lole yomwe inanyamula chigayocho pa K450,000 ilowa mu mtengo. Konkiliti yokhazikapo chigayo ndi mabawuti ake, K600,000, ilowanso. Waya, switchi yaikulu ndi malipiro a mmisiri wa magetsi, K750,000, nazonso zilowa.

Ndiye pali ndalama ina yomwe sipezeka pa makina atsopano. Chigayochi chinabwera ndi maberingi olira komanso mota yofunika kukulunganso waya, ndipo gululi linadziwa zimenezi pogula. N'chifukwa chake wogulitsa anatsitsa mtengo. Kukonza kumeneku kwadya K1,200,000. Kodi imeneyi ndi ndalama yokonzetsera wamba, yoti ichotsedwe yonse pa phindu la chaka chomwecho? Ayi. Popanda kukonza kumeneku chigayocho sichikanayamba n'komwe kugaya, choncho ndi mbali ya mtengo wake. Tikaphatikiza zonse, K9,000,000 ija yafika pa K12,000,000, ndipo nambala imeneyi ndiyo yolemba m'kaundula wa katundu.

Malire ake ali pa tsiku limene chigayo chakonzeka. Sefa ikang'ambika mu Novembala, lamba akaduka, nyundo zikafuna kutembenuza kapena kusintha, zimenezo ndi zowonongera za tsiku ndi tsiku ndipo zimachotsedwa pa phindu la chaka chimenecho. Ndalama zophunzitsira mnyamata woyendetsa chigayo sizilowa mu mtengo, ngakhale zitalipidwa chigayo chisanayambe. Chimodzimodzi zolengezetsa kuti chigayo chatsegulidwa, ndi nkhuku zomwe zinadyedwa tsiku lotsegulira. Ndipo ngati bizinesi yanu inalembetsa msonkho wa VAT moti msonkho womwe munalipira pogula mudzaubwezeredwa, musauphatikize pa mtengo.

Wogulitsa mwina akuuzani kuti iye anagula chigayocho pa K3,000,000 mu 2017, kapena kuti m'mabuku ake chinatsala pang'ono kufika pa ziro. Mverani mwaulemu, koma musalembe. Mabuku ake ndi ake. Anu akuyambira pa ndalama zomwe inu mwatulutsa.

Funso lachiwiri ndilo lolemera kwambiri pa katundu wogwirapo kale ntchito: chigayochi chikugwirirani ntchito zaka zingati? Apa ndipempha kuti tichedwepo, chifukwa cholakwa cha pano chimakula kuposa zolakwa zina zonse kuziphatikiza pamodzi.

Tinene kuti chigayo cha mtundu umenewu, chikakhala chatsopano, chimatumikira zaka 12. Mlembi wa gulu akhoza kutenga 12 imeneyo, popeza ndi nambala yomwe amaimva kwa ogulitsa makina, n'kugawa nayo. Koma zaka 7 mwa zimenezo zinadyedwa kale ndi mwini woyamba. Chomwe gulu lagula ndi zaka zotsala. Kuchotsera 7 pa 12 kutipatsa 5, ndipo ndi poyambira pabwino, koma musakukhulupirire kwambiri kuchotsera kumeneku. Chigayo chomwe chinkagaya matumba owerengeka kumudzi sichifanana ndi chomwe chinkalira usana ndi usiku pa msika wa m'tauni, ngakhale zitabadwa chaka chimodzi. Mmisiri wodziwa zigayo ayang'ane shafiti ngati ili yowongoka, thupi la chigayo ngati lili ndi ming'alu kapena zowotcherera zambiri, ndiponso mota kuti yakulungidwapo kangati. Funsaninso ngati zipangizo zosinthira za mtundu umenewo zikupezekabe m'masitolo, chifukwa makina olimba opanda masipeya amafa msanga kuposa ofooka omwe masipeya ake ali paliponse.

Palinso mbali yomwe mmisiri sangakuuzeni. Zaka zomwe tikuwerenga si za moyo wonse wa chitsulocho, koma zomwe chikhale chikugwira ntchito m'manja mwanu. Ngati gulu likudziwa kuti pakatha zaka 3 lidzagulitsa chigayochi kuti ligule chachikulu, nambala yogawira ndi 3, ngakhale chigayocho chitakhala ndi mphamvu zofika zaka 5. Gulu lathuli lilibe maganizo otero, ndipo mmisiri wavomereza kuti zikasamalidwa bwino zaka 5 ndi zotheka. Tigawa ndi 5.

Kenaka tiganizire zomwe chigayocho chidzagulitsidwe pamapeto pa zaka 5 zimenezo. Makina satha mpaka kukhala opanda mtengo: mota imakhala ndi waya wa kopa, ndipo pamakhala wina wofuna thupi lake kapena masipeya. Ndalama yotsalayi siyenera kulowa m'kugawa, popeza idzabwerera. Vuto ndi lakuti kwacha yathu imagwa, ndipo munthu akhoza kunena kuti pofika 2029 chigayochi adzachigulitsa pa mtengo woposa womwe anagulira, ndiye palibe chifukwa cholembera kuperepeseka kulikonse. Lamulo lija linatseka khomo limeneli. Silifunsa za mitengo ya 2029. Limafunsa kuti chigayo chotere, chikanakhala kuti chafika kale pa zaka 12 ndi kutopa kwake konse, lero lino chikanagulitsidwa zingati, titachotsapo ndalama zochizulira ndi kuchigulitsira. Limeneli ndi funso loyankhika: mukhoza kupita kwa okonza zigayo ndi ogula zitsulo n'kufunsa. Tinene kuti gulu lapeza K2,400,000.

Tsopano kugawa kuja ndi uku:

(K12,000,000 − K2,400,000) ÷ 5 = K1,920,000 pa chaka

Pa mwezi, K1,920,000 kugawa ndi 12 ndi K160,000. Sungani nambala ya pa mweziyi m'mutu, chifukwa ndi imene ikuthandizeni pa funso lachitatu.

Chaka cha gululi chinayamba pa 1 Epulo, koma chigayo sichinalipo. Sizingakhale zoona kulemba K1,920,000 yonse m'chaka cha 2024/25 ngati kuti chinagwira ntchito miyezi 12. Tiyenera kuwerenga miyezi yomwe chinalipo. Koma tiyambire tsiku liti? Pali masiku anayi omwe akupikisana. Gulu linalipira pa 12 Julayi. Lole inatsitsa chigayo pa 20 Julayi. Konkiliti itauma, mota itabwera kuchokera kokonzetsa, magetsi atalumikizidwa, mmisiri anachiyesa ndipo chinagaya bwino pa 1 Sepitembala. Koma makasitomala oyamba anabwera pa 16 Sepitembala, chifukwa gulu linkadikira mwambo wotsegulira.

Yankho ndi 1 Sepitembala. Kuwerenga kumayamba pamene makina ali pamalo pake ndipo akhoza kugwira ntchito, osati pamene ndalama zatuluka, ndiponso osati pamene eni ake afuna kuyamba kuwagwiritsa ntchito. Mu Julayi ndi Ogasiti chigayocho chinali chisanathe kukhazikitsidwa, ndalama zinali zikuwonjezekabe pa mtengo wake. Kuyambira pa 1 Sepitembala chinali chokonzeka, ndipo kudikira mwambo kunali kufuna kwa gulu.

Kuchokera Sepitembala kufika Malichi pali miyezi 7. Werengani ndi zala, ndipo musachite manyazi kutero, chifukwa ambiri amaphonya pomwepa poiwala mwezi woyambira: Sepitembala, Okutobala, Novembala, Disembala, Januwale, Febuluwale, Malichi.

K1,920,000 × 7 ÷ 12 = K1,120,000

Imeneyi ndiyo dipirisiyeshoni ya chaka choyamba. Amene amasunga mabuku pa kompyuta akhoza kulemba izi mu Excel ndipo apeza yankho lomwelo:

```
=SLN(12000000,2400000,5)*7/12
```

M'mabuku, K1,120,000 imeneyi imaoneka pawiri. Imalembedwa pamodzi ndi zowonongera zina za chaka, monga magetsi ndi malipiro, n'kuchepetsa phindu. Imalembedwanso pa akaunti yomwe imasonkhanitsa kuperepeseka konse kwa chigayo chaka ndi chaka, yomwe imachotsedwa pa mtengo woyamba uja. Mtengo wa K12,000,000 simuufufuta. Pa 31 Malichi 2025 mabuku aonetsa K12,000,000 kuchotsapo K1,120,000, kutsala K10,880,000.

Ena amawerenga ndi masiku m'malo mwa miyezi. Kuchokera pa 1 Sepitembala 2024 kufika pa 31 Malichi 2025 pali masiku 212, ndipo K1,920,000 kuchulukitsa ndi 212 n'kugawa ndi 365 ikupereka K1,115,178. Kusiyana kwake ndi K4,822 yokha. Pa bizinesi yaing'ono miyezi ndi yokwanira. Makina akakonzeka pakatikati pa mwezi, ikani lamulo lanu limodzi, mwachitsanzo lakuti tsiku la 15 lisanapitirire mwezi umenewo muuwerenga, likapitirira muyambira mwezi wotsatira. Palinso makampani omwe amalemba chaka chathunthu m'chaka chogulira n'kusalemba kalikonse m'chaka chogulitsira. Zimenezo zimapepukitsa ntchito pamene katundu ndi wambirimbiri ndipo chinthu chimodzi sichingasinthe chithunzi chonse. Koma kwa gulu lomwe chuma chake chachikulu ndi chigayo chimodzi, njira imeneyo ingachepetse phindu la chaka choyamba ndi K800,000 yopanda chifukwa, ndipo ine sindingailimbikitse. Chachikulu n'chakuti lamulo lomwe mwasankha lilembedwe ndipo ligwire pa katundu yense, osati kusinthasintha malinga ndi phindu lomwe mukufuna kuonetsa pa msonkhano wa mamembala.

Kuyamba pakati pa chaka kuli ndi mchira womwe anthu amauiwala. Zaka 5 za chigayo zigwera m'zaka 6 za mabuku. Chaka cha 2024/25 chatenga K1,120,000. Zaka zinayi zotsatira, kuyambira 2025/26 mpaka 2028/29, zitenga K1,920,000 chilichonse, ndipo mtengo wa m'mabuku utsika motere: K8,960,000, K7,040,000, K5,120,000, kenaka K3,200,000 pa 31 Malichi 2029. Apa pakhala patatsala miyezi 5, Epulo mpaka Ogasiti 2029, yomwe ndi K800,000. Mukaichotsa mufika ndendende pa K2,400,000, ndipo muime pomwepo. Iyi ndi njira yabwino yodziyesera: phatikizani zonse zomwe mwalemba m'zaka 6, zikwane K9,600,000. Zikapitirira, ndiye kuti m'chaka chomaliza mwalemba chaka chathunthu. Zikaperewera, mwaiwala mchira uja.

Tsopano tibwerere kwa mlembi amene anagawa ndi 12 m'malo mwa 5, tione kukula kwa dzenje lake. Iye alemba K800,000 pa chaka m'malo mwa K1,920,000. Chaka chilichonse phindu lioneka lokwera ndi K1,120,000 yomwe kulibe, ndipo mamembala agawana mosangalala. Pakatha zaka 5, mabuku ake ati chigayo chili pa K8,000,000, pamene ogula akupereka K2,400,000. K5,600,000 yosiyanayo idzagwa yonse pa chaka chimodzi ngati kuluza, ndipo idzagwera mamembala omwe alipo nthawi imeneyo, ena mwa iwo oti sanadye nawo. Yerekezani ndi cholakwa choyambira kuwerenga mu Julayi m'malo mwa Sepitembala: chimangosuntha K320,000 kuchoka ku chaka chomaliza kubwera ku choyamba, ndipo pamapeto zonse zimakwanirana. Kuphonya mwezi kumasuntha ndalama pakati pa zaka, koma kuphonya zaka zotsala kumanamiza anthu kwa nthawi yaitali. Chizindikiro chake mukhoza kuchiona msanga: ndalama zokonzetsera zikukwera chaka ndi chaka, chigayo chikugona masiku ambiri, koma m'mabuku chikuoneka ngati chikadali ndi mtengo waukulu.

Nanga ngati zaka 5 zija zapezeka kuti zinali zochuluka? Zimachitika, makamaka pa makina omwe mbiri yake munangoimva kwa wogulitsa. N'chifukwa chake zaka zotsala ndi mtengo wotsala ziyenera kuunikidwanso potseka mabuku. Tinene kuti kumayambiriro kwa Epulo 2026 mmisiri wapeza mng'alu pa thupi la chigayo ndipo akuti chatsala ndi zaka 2 zokha. Simubwerera m'mbuyo kukasintha zaka zomwe zinatsekedwa kale. Mutenga mtengo wa m'mabuku wa pa 31 Malichi 2026, womwe ndi K8,960,000, muchotsa K2,400,000 ngati mtengo wotsala sunasinthe, ndipo K6,560,000 yotsalayo muigawa ndi 2. Kuyambira pamenepo mulemba K3,280,000 pa chaka. Nambala yake ndi yowawa, koma ikukuuzani zoona nthawi ikadalipo yokonzekera.

Funso lina lomwe eni zigayo amafunsa ndi la miyezi yomwe chigayo chimakhala duu. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, ogayitsa amachepa. Masiku ena magetsi kulibe. Kodi miyezi imeneyo tiidumphe? Pa njira yogawa mofanana, ayi. K160,000 imalembedwa mwezi uliwonse, chigayo chilire kapena chisalire, chifukwa njirayi imawerenga nthawi, osati matumba. Ngati makina anu amatha makamaka chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito, ndipo muli ndi njira yodalirika yowerengera maola kapena matumba, ilipo njira ina yogawa mtengo potsata ntchito yomwe yagwiridwa. Koma imeneyo mumaisankha poyamba, simuthawirako mwezi womwe malonda avuta.

Musayembekezere kuti nambala imeneyi ikugulirani chigayo china. Dipirisiyeshoni si ndalama yomwe ili ku banki. Imangoletsa kuti musatche phindu zomwe si phindu. Ngati mukufuna kuti K160,000 ya mwezi uliwonse idzapezeke, muyenera kuiika padera ndi manja anu. Ngakhale mutatero, idzakubwezerani K9,600,000 ya mitengo ya 2024. Amene anali pa bizinesi mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, akudziwa mmene mitengo ya mamota ndi masipeya ochokera kunja inasinthira. Choncho gulu lanzeru limasunga zoposa zomwe mabuku alemba.

Pomaliza pali za msonkho. Dipirisiyeshoni yomwe mwawerengera nokha si imene bungwe la MRA limachotsa powerengera msonkho wa phindu. Iwo amaibwezera pa phindu lanu, n'kuchotsa m'malo mwake maalawansi omwe malamulo a msonkho anakhazikitsa pa katundu wa bizinesi, okhala ndi maperesenti akeake. Malamulo amenewo amasiyanitsa makina atsopano ndi ogwirapo kale ntchito pa maalawansi ena, choncho uzani akauntanti wanu momveka kuti makinawo munagula kwa wina. Musatenge maperesenti a msonkho n'kuwasandutsa zaka za makina anu, chifukwa malamulo a msonkho sanaone shafiti ya chigayo chanu.

Ngati mukuganiza zogula makina otere chaka chino, pitani ndi mmisiri musanalipire, ndipo mumupemphe alembe pa pepala zomwe wapeza ndi zaka zomwe akuona kuti zatsala, asayine ndi kuikapo tsiku. Sungani pepalalo pamodzi ndi malisiti a wogulitsa, a lole, a simenti ndi a waya. Tsiku limene makinawo ayesedwa n'kugwira bwino, lilembeni m'kaundula dzuwa lisanalowe, chifukwa pofika Malichi palibe amene adzalikumbukire.